Ndalama ya soya yathera pa kandege, ndipirire mpaka pati?

"Mundibise dzina. Ndili ku Chamama. Amuna anga samwa, samenya, koma ndalama ya soya yonse yathera pa kandege ndi matikiti a mpira. Aka n'kachitatu kupepesa. Akwathu akuti banja ndi kupirira. Ndipirire mpaka pati?"

Asisi, ine ndili kwa Santhe, ndipo zimenezi zinalowapo m'nyumba mwanga ndi ndalama ya fodya. Musayambe mwaganiza zochoka kapena zokhala. Yambani mwadziwa kuti zapita zingati, chifukwa wotchova juga amangokumbukira tsiku lomwe anawina.

Apempheni foni, mukhale pansi awiri, muwerenge mauthenga a ndalama zomwe zatuluka kupita kobetcha ndi zomwe zabwerako, miyezi itatu yapitayi. Mulembe m'kope. Bambo akunyumba kwanga ankalumbira kuti angoluza "pang'ono", koma titawonkhetsa anakhala chete nthawi yaitali, n'kutuluka panja. Mukapeza kuti mauthengawo anafufutidwa, kapena akukana n'komwe kuti mugwire foni, ndiye kuti akudziwa okha kuti chiwerengerocho n'chochititsa manyazi.

Chomwe chimamaliza ndalama ndi kuthamangitsa zomwe zaluzidwa. Munthu aika K2,000, ndege yathawa. Kuti abweze aika K4,000, kenaka K8,000, K16,000, K32,000. Kuluza kasanu kokha kotsatizana, K62,000 yapita, ndipo poti ulendo uliwonse wa kandege ndi wa masekondi chabe, zonsezi zimachitika nsima isanapse. Tikiti ya mpira nayo ndi chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti asankha magemu khumi, iliyonse mwayi wake ndi theka. Kuti onse khumi alowe ndi kamodzi pa maulendo 1,024. N'chifukwa chake mumangomva kuti "yandidula timu imodzi yokha". Mawu amenewo ine ndinawamva mpaka kundikola.

Tsono zopirira. Ine ndinagawa chonchi. Munthu wobetcha ndalama yake ya m'thumba, yomwe mukudziwa nonse, ndipo ikatha amasiya, ameneyo mutha kukhala naye. Koma akayamba kukhudza ya fetereza, ya fizi, kapena kutapa chimanga cha m'nyumba, pamenepo juga yayamba kudya ana anu. Akafika pa katapila, kapena kukutumani kuti mukatenge ngongole ku banki m'khonde m'dzina lanu, musalole ngakhale atalira. Ine ndinalola kamodzi. Amayi a m'gulu anabwera kudzatenga mbuzi yanga, osati ya amuna anga.

Kupepesa kwachitatuko musakuwerengere. Funsani chomwe akulolera kutaya. Kwathu tinagwirizana pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kope lija lili poyera, chifukwa ankhoswe mukangowauza kuti "amabetcha" amaseka n'kunena kuti ndi zachinyamata, koma akaona manambala amasintha nkhope. Tinati ndalama ya fodya ikangotuluka tikatape limodzi, fetereza tigule tsiku lomwelo, yotsala isungidwe pa nambala yanga ndipo nambala yachinsinsi ndidziwe ndekha. Foni yaikulu anaisiya n'kutenga ya mabatani, ngakhale kunena zoona nayonso imabetcheka, ndiye chachikulu chinali choti musamakhale ndalama m'menemo. Ngongole zawo ndinakana kubweza. Anakapita kuganyu kuti abweze okha, ndipo zinawawawa. Tinaika malire a nyengo imodzi, kuchokera pofesa nazale mpaka msika wa ku Chinkhoma utatsegulidwa. Anagwa kamodzi mu Januwale ndi K5,000, koma anadzandiuza okha ndisanafunse. Chimenecho ndicho chinandikhazika. Akanabisa, ndikanalongedza.

Mwati samenya, ndipo ndakhulupirira. Koma muyang'anitsitse tsiku lomwe mudzawakaniza ndalama koyamba, poti ena amasintha pomwepo. Akadzakuopsezani, kukulandani foni mokakamiza kapena kugulitsa katundu wa m'nyumba inu osadziwa, imeneyo si ya ankhoswe okha ayi. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limawerengeranso nkhanza za pachuma, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Khoti la majisitireti litha kupereka chikalata chokutetezani banja lisanathe n'komwe.

Akwanuwo afunseni funso limodzi: mvula ikagwa mulibe mbewu, ndani mwa iwo adzakugulireni? Ndipo ngati pali matumba a soya kapena mtedza omwe simunagulitse, asagone m'nyumbamo sabata ino. Kawasungitseni kwa mayi anu.