Kulumikiza anthu awiri pa imelo

"Ndikufuna kulumikiza mlimi wa nanazi wa ku Mulanje ndi mayi wogulira hotelo ina zipatso ku Blantyre. Ndilembe bwanji imelo kuti amvetse msanga?"

Achimwene, musalembe kaye. Aimbireni aliyense payekha, avomere. Ine ndinalumikizapo mlimi wina ndi mayi wina osawafunsa, mayi uja sanayankhe, mlimi nkumandiyang'ana ngati ndinamunamiza.

Akavomera, aikeni onse pa To, osati wina pa Cc ngati mlendo woima pakhomo. Pamutu lembani "Nanazi za ku Mulanje za hotelo yanu". Mukangolemba "Moni" adzaitsegula mawa.

M'kati musatamande anthu, nenani chimene aliyense ali nacho ndi chimene akusowa. Mwachitsanzo: "Mayi, bambo awa amakolola nanazi 300 pa sabata kuyambira Disembala ndipo atha kubweretsa okha Lachisanu. Bambo, mayiwa amafuna zipatso sabata iliyonse, amalipira pakutha pa mwezi." Za malipirozo musabise ayi, mlimi wozolowera ndalama ya pamanja pamsika wa Chitakale adziwiretu.

Kenako tchulani woyamba kuyankha: "Bambo, atumizireni mitengo pofika Lachitatu." Mukapanda kutero aliyense amadikira mnzake. Mtengo musawaikire, akambirane okha, ndipo auzeni kuti poyankha akuchotseni.