Ndalama za malemu zili ku banki: mupemphe chiyani, ndipo zimatuluka bwanji?

"Bambo athu anatisiya mwezi watha kuno ku Ndirande, osasiya wilo. Ndinapita ku banki ndi kalata ya kuchipatala koma anandibweza. Khadi lawo ndi nambala yachinsinsi tili nazo. Tipemphe chiyani kuti ndalama zituluke? Kapena tingotapa?"

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Khadilo lisungeni, musatape ngakhale kwacha imodzi. Chilolezo chogwiritsa ntchito akaunti chimatha tsiku lomwe mwiniwake wamwalira, ndipo chilichonse chotuluka pambuyo pake chimaoneka pa sitetimenti, tsiku lake ndi malo ake. M'bale mmodzi akangodandaula, nkhani imasanduka yolanda chuma cha masiye, womwe ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011.

Anakubwezani chifukwa kalata ya kuchipatala imangotsimikiza kuti munthu wamwalira, sinena woyenera kulandira. Nayo kalatayo mukatengere chiphaso cha imfa ku NRB, kudzera ku ofesi ya bwanamkubwa. Banki imalipira munthu yemwe wapatsidwa mphamvu zoyendetsa chuma cha malemu. Popanda wilo, mphamvuzo ndi chikalata chochokera kukhoti. Kuno khoti lalikulu lili ku Chichiri. Chuma chikakhala chochepa pali njira yachidule, choncho yambani mwafunsa kwa bwanamkubwa. Ngati pabanja simukumvana, kapena palibe wodzipereka, ofesi ya Adiminisitireta Jenerale imatha kuyendetsa chumacho, ndipo imadulapo yake.

Ulendo wotsatira, musakapemphe ndalama ayi. Kapempheni pepala. Lembani kalata yodziwitsa banki za imfa, muphatikize chiphaso cha imfa, chitupa cha malemu ndi chanu, ndipo kope lanu alidinde, pakhale tsiku. M'kalatamo mupemphe kuti aimitse akaunti, komanso kuti alembe ndalama zomwe zinalimo pa tsiku lomwalira, osati za lero. Chiwerengero chimenechi ndicho chimafunika powerengetsera msonkho wa chuma cha masiye ndi popempha chikalata kukhoti. Nthawi zina banki imakana kuuza wachibale chabe, imadikira kalata yochokera kwa bwanamkubwa kapena loya. Asakukwiyitseni, n'chinsinsi cha kasitomala chomwe akuteteza. Ingofunsani kuti kalatayo ichokere kwa yani.

Pomwe anthu ambiri amaluza mpakuti amafunsa za akaunti imodzi yokha, ija ya pakhadi. Inu nenani kuti afufuze ndi dzina ndi nambala ya chitupa cha bambo: maakaunti onse, ndalama zosungitsa kwa nthawi yoikika, ngongole iliyonse, ndi ndalama zomwe zimadulidwa zokha mwezi ndi mwezi. Ndipo pa ngongole funsani mosapita m'mbali ngati inali ndi inshulansi.

Tiyerekeze kuti bambo anasiya K2,400,000 mu akaunti ya tsiku ndi tsiku, K1,500,000 yosungitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi ngongole yotsala ya K900,000. Ndalama za m'maakaunti awiriwo pamodzi ndi K3,900,000. Banki ili ndi ufulu woyamba yadzilipira, ndiye mungalandire K3,000,000, kuwonjezerapo chiwongola dzanja, kuchotsapo tindalama tawo totsekera akaunti. Koma ngongole zambiri za apantchito zimakhala ndi inshulansi yomwe imalipira wobwereka akamwalira. Ngati inalipo, K900,000 ija ikhoza kulipidwa ndi a inshulansi, banja n'kulandira K3,900,000 yonse. Kawirikawiri pamakhala malire a nthawi yodziwitsira imfa, n'chifukwa chake ndikuumirira za chidindo chija. Muone pa sitetimenti: ngati ngongole ikudulidwabe patadutsa tsiku lomwalira, ndiye kuti nkhani ya inshulansi palibe waiyambitsa. Pa zosungitsazo funsaninso tsiku lomwe zikhwime, poti kuzithyola msanga kumatha kudya chiwongola dzanja.

Chikalata cha kukhoti chikatuluka, mupite nacho chenichenicho pamodzi ndi makope otsimikizidwa. Nthambi imatumiza mapepala kwa a zamalamulo a bankiyo, ndiye musayembekeze kutuluka ndi ndalama tsiku lomwelo. Mabanki ambiri amafuna akaunti ina m'dzina la chuma cha malemu, n'kusamutsiramo zonse; ngati oyendetsa muli awiri, nonse mumasaina. Zikadzera kwa bwanamkubwa kapena Adiminisitireta Jenerale, banki imatumiza kumeneko, iwo ndiwo amagawa. Ine ndimakonda akaunti yapaderayi ngakhale pomwe sanakakamize, chifukwa woyendetsa si mwini ndalama. Ayamba walipira ngongole za malemu, kenako n'kugawira amayi, ana ndi ena omwe ankadalira bambo, ndipo amalume akadzafunsa, sitetimenti imayankha yokha.

Dzina likasiyana ngakhale chilembo chimodzi pakati pa chitupa, chiphaso cha imfa ndi akaunti, mapepala amabwerera. Konzeranitu ndi kalata yolumbira. Akaunti ikakhala ya awiri, ya bambo ndi amayi, pemphani kuona fomu yomwe anasaina potsegula. Za penshoni musazifunse ku banki, zili ndi njira yake kudzera komwe bambo ankagwira ntchito.