Chilichonse mugule, koma osamumanga m'maso

"Amayi anzanga, mwana wa mchemwali wanga akukwanitsa zaka 3 Loweruka likubwerali. Samva makutu onse awiri chidwalireni malungo aakulu. Ndimugulire chiyani, nanga ndizisewera naye bwanji? Zidole zonse zomwe ndaona mumsika ndi zoimba."

Asisi, ndawerenga izi manja akunjenjemera, mundikhululukire ndikatalikitsa. Wanga anasiya kumva ali ndi chaka ndi miyezi isanu atadwala matenda oumitsa khosi, pano ali ndi zaka 7. Ndisanakuuzeni zogula ndikuuzeni za Loweruka lenilenilo, chifukwa ine chinandipweteka si mphatso, ndi phwando.

Anali ndi zaka 4. Alamu anga, mlongo wawo wa bambo a kunyumba, anatiitana kubefide ya mwana wawo. Ine ndili kuseri ndikukazinga mbatata, iwo kukhonde anayambitsa masewera aja omanga mwana chitenje kumaso kuti azigwira anzake potsatira mawu. Itafika nthawi ya wanga anangomudzera kumbuyo, osamugwira paphewa, osamuonetsa n'komwe chitenjecho, n'kumumanga. Tangoganizani. Mwana woti samva, maso ndiwo makutu ake, ndiye mwamuzimitsira dziko lonse kamodzi, kwinaku timanja ta ana khumi tikumukoka diresi, tikumutsina. Kukuwa kumene ndinamva tsiku lija sindidzaiwala. Ndinasiya chiwaya pamoto. Ndinamupeza wagwa pansi, wadzikodzera, waluma msuweni wake padzanja mpaka magazi, ndipo alamuwo anali atamumenya kale khofi. Zala zinayi zikuoneka patsaya. Ndikumumasula, mfundo yake anaimanga kawiri pamwamba pa tsitsi, ndinachita kudula ndi mpeni wosendera mbatata uja.

Mukudziwa zomwe ananena? Akuti mwanayu ndi wamwano, ndikumulera ngati dzira, kusamvako amachita dala chifukwa chitseko chikamenyetsedwa amatembenuka. Munthu wamkulu, wophunzira, osadziwa kuti mwana amatembenuka chifukwa simenti yanjenjemera kuphazi ndiponso mphepo yamuwomba! Ndi omwewo ankakonda kumuwombera zivundikiro za mapoto kumbuyo ati kumuyesa, alendo akuseka. Mphatso yawo ya Khirisimasi inali kafoni kapulasitiki koimba nyimbo. Mpaka lero sanapepese, ndipo bambo a kunyumba amangoti tiziiwale, ndi abale. Abale a chiyani. Mwana wanga anatha miyezi itatu akukana kuvula malaya odzera kumutu.

Ndiye Lowerukalo muuze aliyense asanayambe zosewera: osamumanga m'maso, osamudzidzimutsa kumbuyo, osamugwira chibwano kuti atembenuke. Mukamufuna mugwireni paphewa, kapena gwedezani dzanja pomwe akuona, kapena menyani pamphasa yomwe wakhalapo.

Chinthu chomwe ine ndinachedwa kuchizindikira ndi ichi. Mwana wakumva amatha kuyang'ana chidole khutu lili kwa inu. Wathuyu ayi, maso omwewo agwire ntchito ziwiri. Akayang'ana galimoto, inu mwasowa. Ndinkalankhula ndi kukupiza manja iye ali mutu pansi, kenako n'kumati mwanayu sagwira zinthu, chonsecho wolakwa ndinali ine. Khalani pansi moyang'anizana naye, kuwala kukhale pankhope panu osati kumbuyo kwanu. Mupatseni chidolecho achione mpaka akhute. Dikirani. Adzadzutsa mutu yekha kuti aone ngati inunso mwaona, ndipo kanthawi kameneko ndiye kanu: onetsani chizindikiro chimodzi, nenani liwu limodzi, nkhope ionetse. Akakana kudzutsa mutu, nyamulani chidolecho muchifikitse pafupi ndi tsaya lanu, maso adzabwera okha. Kudikirako n'kowawa, poyamba mumaona ngati mukungotaya nthawi.

Zogula sizodula ayi. Paketi ya mabaluni inatigwirira ntchito kuposa chilichonse. Fufumitsani limodzi, aligwire ndi manja onse awiri, inu ikani milomo mbali inayo n'kunena "buuu" ndi mawu aakulu apansi. Liwu lanu lidzamuyabwa m'zikhatho. Wanga tsiku loyamba anaponya baluni uko, n'kulitola, n'kundikankhira kukamwa kuti ndibwereze, kenako anayesa yekha. Aka kanali koyamba kutulutsa mawu mwadala, osati polira. Mukatero muike dzanja lake pakhosi panu, kenako pakhosi pake. Koma likaphulika tolani zidutswa msanga, wa zaka 3 amaika chilichonse mkamwa ndipo mphira wa baluni umatsamwitsa.

Ng'oma yaing'ono, ngakhale ndowa yapulasitiki yovundikira. Thirani timpunga pang'ono pamwamba. Mukamenya pang'ono timadumpha pang'ono, mukamenya mwamphamvu timauluka, ndiye akuona ndi maso chomwe ife timati phokoso. Ife tinapanga kuti ndikamenya ng'oma iye atagwira m'mbali mwake, aziponya mwala m'chitini. Tinkangoti ndi masewera, koma titapita kokayeza makutu ku Queen Elizabeth ku Blantyre tinapeza kuti ana ang'ono amawayeza mofananamo, akamva kulira aponye kanthu m'bokosi. Wanga sanavute. Ngati muli chapakati, ku ABC ku Lilongwe kulinso kiliniki ya makutu.

Koma mukandifunsa mphatso imodzi yokha, gulani nyale ya sola kapena tochi yabwino. Magetsi akazima ife timapitiriza kucheza mumdima, iye amatsala yekhayekha, amayi ake sakuwaonanso pakamwa kapena manja. Tochiyo muziunika nkhope ndi manja anu, osati m'maso mwake. Imakhalanso sewero: ikayaka tonse tivine, ikazima tiime chilili, ndipo pamenepa ana akumva samuposa. Zithunzithunzi za manja pakhoma, kalulu ndi galu, zinkatifikitsa nthawi yogona. Onjezani zithunzi za abale zochapitsa, muziike mukabuku, aliyense mumupatse dzina la manja, agogo chizindikiro cha duku, amalume ndevu. Zinazo ndi zomwe tinakulira tonse, dongo lowumba ng'ombe, thovu la sopo, kalilole wosasweka, galimoto yamawaya yopinda bwino nsonga. Akakulako phada, bawo ndi fulaye, zonsezi ndi za maso ndi manja.

Chenjerani ndi zidole zowalawala zija, zambiri zimakhala ndi timabatire tozungulira ngati mabatani. Ngati pobisa batire palibe sikuluwu, chisiyeni mumsika momwemo. Kabatire kameneko akameza kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndi nkhani yothamangira kuchipatala osadikira. Chimodzimodzi mabatire a makina othandizira kumva ngati anamupatsa.

Chinenero chamanja muyambe pano, musadikire kuti adzaphunzira kusukulu za ana osamva za ku Maryview kapena ku Mua. Funsani a MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi, akulozereni munthu wosamva wamkulu wapafupi nanu, ameneyo adzakuphunzitsani zambiri kuposa ife. Zizindikiro zisanu zikukwanirani Loweruka: madzi, idya, bwera, zatha, zinanso.

Komanso musamubise, asisi. Apite kumaphwando, asewere ndi azisuweni ake, abale musawataye ngakhale alankhule zopusa, chifukwa mwana amafuna anthu. Ine kwa alamu anga sindinapondekonso chaka chachitatu chino ndipo sindipitako, koma inu musatengere ine. Ndipo zoimbazo musazinyoze kwambiri. Kafoni kaja ndinakaponya m'dzala ndi mkwiyo, mwana n'kukatola. Ankakakanikiza patsaya, nthawi zina kukaluma ndi mano, kuti amve kunjenjemera kwa kasipika. Anagona nako pafupifupi chaka mpaka kanafa. Ndiye mukapeza choimba, chiyatseni mumsika momwemo muchiike patsaya panu. Chikanjenjemera ndipo batire lake lili lotsekedwa ndi sikuluwu, gulani.