Mwana wa matewe koma kashiyamu ali bwinobwino, ndiye ndi chani?

Kalata yomwe yabwera pa imelo sabata ino ikuti: "Achimwene, ndine wophunzira za ukilinikala, ndili pa atachimenti konkuno ku Mzuzu. Ndaona kamnyamata ka zaka ziwiri ndi miyezi 8, miyendo ya matewe, mfundo za m'manja zotupa, kakudana ndi kuyenda. Kashiyamu 2.2 mmol/L, fosifeti 0.9, ALP 1,100. Ine ndimaganiza riketsi koma kashiyamuyo ali nomo, komanso dzuwa kwathu kuno ndi lambirimbiri. Ndikusokonekera pati? Ndimupatse chani?"

Achemwali, simunasokonekere olo pang'ono, maganizo anu oyambawo ndi olondola, chomwe chakupusitsani ndi kashiyamu wa m'magaziyo, ndipo amapusitsa anthu ambiri kuphatikiza omwe atha zaka m'wodi.

Thupi silimalola kashiyamu wa m'magazi atsike chisawawa, chifukwa akatsika mtima ndi mitsempha zimabalalika, mwana atha kukomoka kapena minofu kukokana. Ndiye akangoyamba kuchepa, timaanabere tinayi tomwe tili kuseri kwa chithokomiro pakhosipa timatulutsa homoni yomwe pa fomu ya ku labu amalemba PTH. Homoni imeneyi imapita ku mafupa kukakokolola kashiyamu, imauza impso kuti kashiyamu musamutaye mu mkodzo, koma fosifeti yekhayo tayani. Mapeto ake m'magazi kashiyamu amabwerera pa mulingo wake, fosifeti amatsika, fupa ndi lomwe lalipira ngongole yonse. Timaselo tomanga fupa timalimbikira ntchito koma zipangizo palibe, nde ALP, enzaimu yomwe timaseloti timatulutsa, imakwera kwambiri. Zili ngati mmisiri wamanga chimango cha nyumba ndi nsungwi koma dothi lomata sanamubweretsere, amangoonjezera nsungwi zokhazokha. Fupa lotero limakhalapo koma ndi lofewa, mwana akaimirira limapindika. Mwa mwana, mapeto a mafupa pomwe amakulira akadali otseguka, ndi pomwe vuto limaonekera ndipo timati riketsi. Mwa munthu wamkulu malo amenewo anatsekeka kale, matenda omwewo timawatcha ositiyomalashiya.

Ndiye manambala anuwo muziwerenga limodzi osati payekhapayekha. Fosifeti wa 0.9 kwa munthu wamkulu ndi wabwino, koma kwa mwana wa zaka ziwiri ndi wotsika, ana amayenera kukhala chapamwamba, kupyola 1.2, ndipo nthawi zambiri pepala la ku labu limabwera ndi mulingo wa akuluakulu nde munthu umangodutsa osaona. ALP nayo ana amakhala nayo yokwererapo chifukwa akukula, koma osati 1,100. Komanso onani alibumini, mwana akakhala wonyentchera kashiyamu amaoneka wotsika kuposa mmene alili, timakonza motere:

```
Ca yokonza = Ca + 0.02 × (40 − albumin g/L)
```

Kunyentchera komweku kuli ndi chinyengo china. Riketsi imaonekera bwino mwa mwana yemwe akukula, ndiye mwana woonda kwambiri yemwe waima kukula atha kukhala nayo ALP osakwera kwenikweni, mkuyamba kuonekera mutamudyetsa chiponde wayamba kunenepa.

Tsopano za dzuwa. Mabuku ambiri omwe timawerenga analembedwa kumaiko komwe dzuwa ndi losowa, nde amayamba ndi vitamini D, zomwe sizolakwika. Khungu limapanga vitamini D dzuwa likaliomba, chiwindi chimamusintha kukhala 25(OH)D yemwe timayeza uja, kenako impso zimamumalizitsa kukhala wogwira ntchito, yemwe amathandiza matumbo kuyamwa kashiyamu. Ndipo kuno ku Mzuzu musachotseretu nkhani ya dzuwa ayi, mukudziwa mmene Juni ndi Julaye amakhalira, chifunga ndi kamvula kowaza tsiku lonse, khanda lavekedwa chipewa, masokosi, juzi, lakulungidwa mu shawelo kumbuyo kwa mayi ake, nkhope yokha ndiyo ikuoneka, ndipo mkaka wa m'mawere uli ndi vitamini D wochepa zedi. Khanda losakwana chaka, makamaka lobadwa masiku osakwana, ndimaganiza vitamini D poyamba.

Koma mwana wa msinkhu wa wanuyu, yemwe amasewera panja, ine ndimafunsa kaye kuti anasiya liti kuyamwa ndipo akudya chani. Ku Jos ku Nigeria anafufuza ana a riketsi, zotsatira zinatuluka mu 1999, ndipo anapeza kuti ana omwe anapatsidwa kashiyamu, payekha kapena pamodzi ndi vitamini D, anachira bwino kuposa omwe anapatsidwa vitamini D yekha. Dzuwa anali nalo lokwanira, chomwe chimasowa ndi kashiyamu m'mbale. Tangoganizani mbale ya kwathu kuno, mmawa phala la mgaiwa, masana nsima kapena kondowole ndi msuzi, mkaka ndi wodula, ndipo chimanga chosakonola chili ndi faiteti yemwe amagwira ngakhale kashiyamu wochepa yemwe alipoyo osayamwika. Mwana akamapeza kashiyamu wosakwana 300 mg patsiku ali pa chiopsezo, akapyola 500 mg ndi pomwe timati wakwanira. Mwana wotere 25(OH)D wake atha kukhala wabwino kapena wotsikirapo pang'ono chabe, osafika pansi pa 30 nmol/L pomwe timati waperewera, koma fupa likuvutika chimodzimodzi. Afunseni mayi ake mwaulemu, osawaweruza, kuti ndiwo za mwana zimakhala zotani. Kawirikawiri mupeza kuti usipa umagulidwa pakhomo koma mwana amangomuthirira msuzi poopa minga, pomwe kashiyamu ali mu mingamo.

Ekisireyi yomwe mukufuna ndi ya dzanja pomwe timavala wotchi ndi ya bondo, chifukwa ndi malo omwe fupa limakula mwachangu. Kujambula mwendo wonse kuti muone kupindika sikukuuzani zambiri, kupindikako mwakuona kale ndi maso. Mwa mwana wabwinobwino, kumapeto kwa fupa lalitali kumakhala kamzere koyera kowongoka ngati kojambula ndi rula, kenako kampata kakuda kakang'ono, kenako kafupa kozungulira ka kunsonga. Mu riketsi kamzere koyera kaja kamafufutika, mpata wakuda uja umakula, mapeto a fupa amatambasuka m'mbali nkulowa mkati ngati kapu, ndipo m'mphepete mwake mumanyenyeka ngati nsonga ya nzimbe yotafuna. Pa lipoti mudzawerenga `cupping`, `splaying` ndi `fraying`, ndi zomwezi. Chenjerani ndi chimodzi, fupa laling'ono la mkono, la mbali ya chala chaching'ono, limatha kukhala ndi kakapu pang'ono ngakhale mwa mwana wopanda vuto, nde kapu yopanda kunyenyeka musathamange nayo. Mukabwerera kwa mwanayo papasani nthiti kutsogoloku, mumva timabulu tondondozana ngati korona, onaninso mphumi ngati yatukuka ndi liwombo ngati linachedwa kutseka.

Ekisireyi yomweyi ndi yomwe ingakusiyanitsireni ndi matewe ena. Ana ambiri amakhala ndi miyendo yopindikira kunja mpaka zaka ziwiri ndipo imaongoka yokha, magazi ali bwino, mapeto a mafupa ali bwino. Palinso matenda a Blount, pomwe mbali ya mkati yokha ya fupa la msongolo pansi pa bondo ndiyo imapendekera ngati mlomo wa mbalame, dzanja lili bwino, ALP ili bwino. Amenewo olo mutapereka vitamini chaka chonse sangasinthe.

Chithandizo chake perekani zonse ziwiri pamodzi, chifukwa PTH ndi 25(OH)D sizimayezedwa mwachisawawa m'zipatala zathu ndipo ana ambiri amakhala akusowa zonse. Malangizo omwe akatswiri a maiko osiyanasiyana anagwirizana, omwe anatuluka mu 2016, amati mwana wosakwana chaka alandire vitamini D 2,000 IU patsiku, wa chaka chimodzi mpaka zaka 12 alandire 3,000 mpaka 6,000 IU patsiku, kwa masabata osachepera 12, ndipo pambali pake kashiyamu 500 mg patsiku kudzera mu zakudya kapena mapilitsi. Ngati banja likuchokera kutali, tinene ku Usisya kapena mkati mwa Mzimba, ndipo mukukayika ngati angamamwetse tsiku ndi tsiku, mwana wa msinkhu uwu atha kulandira 150,000 IU kamodzi kokha yakumwa, koma ilembeni mu buku lake la kuchipatala mooneka bwino kuti wina asadzabwereze mwezi wamawa, chifukwa akachuluka kashiyamu amakwera mpaka kuononga impso. Akamaliza amapitiliza ndi 600 IU patsiku.

Pa kashiyamu ndi pomwe ndimaona anthu akugwa ndipo zimandipweteka mtima. Nambala yomwe yalembedwa pa botolo si kashiyamu yekhayekha. Pilitsi la kashiyamu kabonati la 1,250 mg lili ndi kashiyamu weniweni 500 mg, limenelo limodzi patsiku lakwana, ligawe pawiri, aphwanyire mu phala. Koma pilitsi la kashiyamu lakiteti la 300 mg lili ndi pafupifupi 39 mg basi, nde mukalemba limodzi katatu patsiku mwana akupeza 120 mg yokha osakwana, miyezi itatu ikatha mudzati mankhwala sakugwira. Ndipo musapereke vitamini D yekha kwa mwana woti ALP yake ili chonchi, fupa lanjalalo likayamba kumeza kashiyamu wa m'magazi atha kutsika mwadzidzidzi mwana nkukomoka. Auzeni mayi ake kuti akaona manja akukokana kapena kupuma kukulira pakhosi abwere nthawi yomweyo. Kunyumba asinje usipa kapena matemba ouma ndi minga yomwe mpaka ufa, supuni imodzi kapena ziwiri mu phala, aonjezere bonongwe, chigwada, nsinjiro, ndi chambiko kapena mkaka pomwe angathe, kapu imodzi ya mkaka ili ndi pafupifupi 300 mg.

Zikamayenda, mwana amayamba kufuna kuyenda pakangotha masabata ochepa, kamzere koyera kaja kamabwerera pa ekisireyi, ndipo pa miyezi itatu mujambulenso ndi kuyezanso ALP, ikhale ikutsika. Miyendo imachedwa, itha kutenga chaka kapena ziwiri kuti iongoke, nde musathamangire opaleshoni fupa lisanachire. Ikakanika, makamaka mwana akapyola zaka zisanu akadali wopindika kwambiri, a mafupa amuone, ku Mzuzu Central kapena ku Beit CURE ku Blantyre.

Miyezi itatu ikatha, mankhwala amamwadi pa mulingo woyenera koma palibe chasintha, ndiye gwero lili kwina. Yezani kiriyatinini, ngati wakwera ndipo fosifeti naye ndi wokwera m'malo motsika, vuto ndi impso zomwe zikulephera. Ngati fosifeti ali pansi kwambiri, kashiyamu ndi PTH zili bwino, ndipo amayi ake kapena agogo ndi aafupi a matewe, ganizani za mtundu wa ku mtundu pomwe impso zimataya fosifeti, umenewo umafuna fosifeti wakumwa ndi kalisitiriyolo, vitamini D wogwira ntchito uja, pansi pa dokotala wa ana. Kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali ndi matenda a chiwindi nazonso zimalepheretsa kuyamwa.

Poti mudzapita ku wodi ya akulu, sungani izi. Mayi wodandaula kuti chiuno, msana ndi nthiti zikuwawa, akulephera kudzuka pa mphasa osagwira khoma, akuyenda mopendekera uku ndi uku ngati bakha, musangoti ndi nyamakazi nkumupatsa bulufeni. Funsani mankhwala omwe akumwa. Mankhwala a khunyu ngati fenobabitoni, fenitoyini ndi kabamazepini amapangitsa chiwindi kuphwanya vitamini D mwachangu, ndipo tenofoviya yemwe ali mu ma ARV ambiri omwe timapereka amatha kuononga timachubu ta impso mwa anthu ena ochepa nkumataya fosifeti, mukayeza mkodzo mupeza shuga ndi pulotini pomwe shuga wa m'magazi ali bwino, ameneyo pamafunika kukambirana ndi a ku kiliniki ya ma ARV asinthe mankhwala, asasiye yekha. Pa ekisireyi ya chiuno fufuzani timizere takuda topingasa tolowa theka la fupa ngati nkhwangwa yangolumako pang'ono, nthawi zambiri mbali zonse ziwiri, pa mafupa a kutsogolo kwa chiuno ndi mkati mwa khosi la fupa la ntchafu, komanso pa nthiti ndi m'mphepete mwa fupa la phewa. Amatitcha mizere ya Looser. Mu ositiyoporosisi kashiyamu, fosifeti ndi ALP zonse zimakhala bwino, nde ALP yokwera ndi fosifeti wotsika mwa mayi wotere zikulozerani kwa ositiyomalashiya.

Kamnyamata kanuko kajambuleni dzanja ndi bondo mawa, onjezerani alibumini ndi kiriyatinini, ndipo mukapita ku famasi mukaone nokha kuti pa botolo la kashiyamu palembedwa mtundu uti musanalembe mulingo. Mundilembere pakatha miyezi itatu ndimve kuti ALP yafika pati.