Kalata ya makolo yofotokoza malikisi a pa lipoti

"Aphunzitsi anzanga, ahedi andiuza kuti ndilembere makolo a ana anga a Sitandade 3 kalata yofotokoza malipoti. Ambiri akumangofunsa kuti mwana wakhala nambala chani. Ndilembemo zotani?"

Madamu, yambani ndi manambala a milingo ya kakhozedwe, 1 mpaka 4, omwe amalembedwa pa lipoti, chifukwa ndi pamene makolo amasokonekera. Iwo anakula akudziwa kuti 1 ndi wa mwana wanzeru, pomwe pa lipoti la masiku ano 1 ndiye wapansi. Ine bambo wina anafika ku sukulu akumwetulira, atamugulira kale mwana nsapato chifukwa cha ma 1 atatu. Zinandiwawa kuwauza zoona mwana ali pomwepo. Choncho ndime yoyamba inene poyera kuti 4 ndi malikisi 80 mpaka 100, 3 ndi 60 mpaka 79, 2 ndi 40 mpaka 59, ndipo 1 ndi 39 kutsika m'munsi, kutanthauza kuti mwana akufunika thandizo. Onjezani kuti nambalayi ikuyeza mwana ndi zimene amayenera kudziwa teremu ino, osati ndi anzake.

Kenako sankhani phunziro limodzi lomwe lavuta, mulimasule pogwiritsa ntchito zizindikiro za kakhozedwe za m'buku la mphunzitsi, koma m'mawu a kunyumba. Tinene kuti mwana wapeza 24 pa 50 pa Masamu, yomwe ndi 48 pa 100, mlingo 2. Kholo likaona 48 limangoti masamu sakuwatha. Koma mukatsegula pepala mupeza kuti kuphatikiza wapeza 18 pa 20, kuchotsera kobwereka 2 pa 15, masamu a ndalama 4 pa 15. Vuto ndi limodzi, chifukwa chenji sichiwerengeka popanda kuchotsera. Ndingalembe chonchi:

"Mwana wanu amaphatikiza bwino manambala. Chomwe sanachigwire ndi kubwereka. Pa 52 − 27 analemba 35 m'malo mwa 25, chifukwa amachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu posayang'ana yomwe ili pamwamba. Mumangireni timitengo m'mitolo ya khumikhumi, mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera, ndipo mumuuze akupatseni 27. Adzaona yekha kuti ayenera kumasula mtolo umodzi."

Mawu ngati "waulesi" kapena "alimbikire" musawalembe. Kholo silingachite nawo kanthu kupatula kukalipa.

Ndikudziwa kuti ana ndi ambiri m'kalasi. Ndime ya milingo ikhale imodzi kwa onse, ndipo musiye mizere inayi yolemba pamanja za mwana aliyense, kuyambira a mlingo 1. Zonse zikwane tsamba limodzi, m'Chichewa. Pansi pake lembani tsiku ndi nthawi yoti makolo abwere kudzaona pepala la mayeso, poti ena kalatayo adzawawerengera ndi mwana yemweyo.