Selo latupa kapena lafota? Kusiyanitsa nekirosisi ndi apoputosisi pamayeso

"Ndikuphunzira zaumoyo kuno ku Chipata. Tebulo la nekirosisi ndi apoputosisi ndinaliloweza, koma funso likabwera ngati nkhani ya wodwala, zonse zimandisokonekera. Ndingazikumbukire bwanji?" Walemba choncho wophunzira wina wa ku Kapata.

Nekirosisi ndi apoputosisi ndi njira ziwiri zimene selo limafera. Tebulolo liikeni kaye pambali, mugwire funso limodzi lokha: kodi khungu lokuta selo lang'ambika kapena lili bwinobwino? Zina zonse zimachokera pamenepa, ndipo mukhoza kuzipeza nokha muli m'chipinda cha mayeso.

Tiyambe ndi funso lomwe limabwera kawirikawiri. Bambo wa zaka 58 wafika kuchipatala chifuwa chikumupweteka kwambiri, mtsempha wodyetsa mtima watsekeka. Kumene magazi sakufika kulibe okosijeni, choncho mitokondiriya imaleka kupanga ATP, yomwe imapatsa selo mphamvu. Pampu ya pakhungu la selo, yomwe imatulutsa sodiyamu 3 ndi kulowetsa potaziyamu 2, imayendera ATP yomweyo, ndiye imaima. Sodiyamu amadzaza mkati, madzi n'kumutsatira, selo n'kutupa. Mpaka apa selo likhoza kuchira ngati magazi abwerera msanga. Koma pakadutsa mphindi 20 mpaka 40, kashiamu wochuluka amakhala atalowa ndi kudzutsa maenzaimu amene amadya khungu la selo, ndipo likang'ambika palibenso kubwerera. Imeneyo ndiyo nekirosisi.

Zotsatira zake sizofunika kuloweza. Khungu lang'ambika, ndiye za mkati zimatayikira m'magazi. N'chifukwa chake tiroponini, puloteni ya m'maselo a mtima, amakwera m'magazi pakapita maola ochepa. Zotayikazo zimaitana manyutirofili, amene pamtima amachuluka pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, ndipo malowo amayaka ndi kutupa. Komanso mtsempha umodzi umadyetsa maselo ambirimbiri, choncho amafa pamodzi, chigawo chonse. Zili ngati thumba la ufa laphulika pamsika: ufa mbwee pansi, nyerere n'kubwera. Apoputosisi ndi ufa womwewo woikidwa m'timapaketi ta pamela, tomangidwa bwino, wogula n'kungonyamula.

Mu apoputosisi selo limadzipha lokha mwadongosolo, ndipo ntchitoyo imafuna ATP. Ogwira ntchito ndi maenzaimu otchedwa makasipesi. Lamulo likachokera mkati, mitokondiriya imatulutsa saitokiromu c yemwe amadzutsa kasipesi 9. Likachokera kunja, kudzera pa Fas, amadzuka ndi kasipesi 8. Njira zonse ziwiri zimakakumana pa kasipesi 3, amene amaduladula za mkati. Selo limafota n'kugawika m'tizidutswa, kalikonse kokutidwa ndi khungu lake, ndipo mamakirofeji amatimeza msanga. Palibe chatayika, ndiye palibe manyutirofili. Ngakhale DNA imadulidwa mwa muyeso, tizidutswa ta mabesi 180 mpaka 200 ndi kuchulukitsa kwake, motero pajelo imaoneka ngati makwerero. Mu nekirosisi imaduka mwachisawawa n'kuoneka yopakika.

Misampha ya olemba mayeso ili pawiri, ndipo woyambawu ndi umene umagwetsa ambiri. Ophunzira amaloweza kuti apoputosisi ndi imfa yachibadwa, nekirosisi ndi ya matenda. Theka lachiwirilo n'loona: nekirosisi nthawi zonse imasonyeza kuti china chalakwika. Theka loyamba n'lopereŵera. Zoonadi, apoputosisi ndi imene imalekanitsa zala za mwana ali m'mimba, koma imachitikanso m'matenda. Funso likanena za wodwala hepataitisi B, ndipo m'chiwindi mwaoneka selo limodzi lofota, lofiira kwambiri, lili lokhalokha pakati pa maselo amoyo, yankho ndi apoputosisi, ngakhale munthuyo akudwaladi. Maselo a T ndiwo alilamula kuti life chifukwa lili ndi vairasi. Chimodzimodzinso selo lomwe DNA yake yaonongeka ndi mankhwala a khansa, puloteni ya p53 n'kulitsogolera ku imfa.

Msampha wachiwiri ndi nyukiliyasi. Kufota kwake n'kuda, komwe ndi pikinosisi, ndi kusweka kwake, kariyorekisisi, zimapezeka mbali zonse ziwiri, choncho pazokha sizikupatsani yankho. Chokhacho cha nekirosisi ndi kariyolisisi, pamene nyukiliyasi imazimirira pang'onopang'ono mpaka kusowa.

Pomwe mukuwerenga funso, lembani mzere pansi pa mawu onena za kukula kwa selo, kuchuluka kwa maselo akufa, ndi alendo amene afika pamalopo. Yesani pa ili: mayi akutsokomola kwa miyezi iwiri, waonda, ndipo m'mapapo muli chigawo choyera chofumbutuka, chopanda maonekedwe a maselo, chozunguliridwa ndi mamakirofeji ndi malimfosaiti. Mamakirofeji asakunamizeni kuti ndi apoputosisi. Pano sanabwere kudzatola kachidutswa kamodzi, amanga mpanda kuzungulira chigawo chonse chakufa. Ndi nekirosisi ya TB, imene mabuku amaitcha keseyasi.