Kalata yosintha dzina la odzalandira ndalama za inshulansi ya moyo mukakwatira

"Zikomo achimwene. Ine ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndili pa inshulansi ya moyo ya K5,000,000 imene ndinalembetsa ndisanakwatire, pomwe ndinaika mayi anga kuti ndiwo adzalandire ndalamazo. Tsopano ndamanga ukwati kutchalitchi, ndipo ndikufuna akazi anga alowemo koma mayi asachotsedwe. Kodi kalata yake ndilembe bwanji?"

Zikomo bambo, ndipo mafuno abwino pa banja lanu latsopanolo. Choyamba chimene muyenera kudziwa ndi chakuti ukwati pawokha susintha zimene zinalembedwa m'mabuku a kampani ya inshulansi, ngakhale ankhoswe a mbali zonse ziwiri atachitira umboni ndipo abusa atasaina setifiketi. Kufikira tsiku limene kampaniyo idzalandire pempho lanu ndi kulilowetsa m'mabuku ake, dzina limene ikulidziwa ndi la mayi anu okha. Choncho kalatayi cholinga chake si kufotokoza mbiri ya banja, koma kupereka lamulo lomveka bwino kotero kuti kalaliki mnzanu wa ku Blantyre, amene sanakuoneni n'komwe, alitsatire popanda kulota chimene mumatanthauza.

Musanagwire cholembera, tulutsani chikalata cha inshulansicho m'sutikesi ndipo muone zinthu ziwiri. China ndi nambala yake, pakuti kalata yopanda nambalayi imangoyendayenda pa madesiki. Chinacho ndi chakuti ngati munaperekapo inshulansiyi ngati chikole cha ngongole ku banki, bankiyo ndiyo imayamba kutenga zake, ndipo kawirikawiri kampani siisintha kanthu banki isanavomereze. Muimbirenso foni ku ofesi yawo kufunsa ngati ali ndi fomu yawoyawo yosinthira maina, chifukwa makampani ambiri ali nayo, ndipo zikatero kalata yanu imapita pamodzi ndi fomuyo, zonse zikunena chimodzimodzi.

Pamene ndikufuna kukhalitsapo ndi pa kagawidwe ka ndalama, chifukwa ndi pomwe makalata ambiri amalakwika. Munthu amalemba kuti "ndalama zanga adzagawane akazi anga ndi mayi anga", n'kuganiza kuti wamaliza, pamene wangosiya mlandu woti ena adzaukambe pa tsiku la maliro. Lembani gawo la aliyense m'maperesenti, ndipo magawowo akaphatikizidwa akwane 100 ndendende. Tinene kuti mwasankha kuti akazi anu alandire 60 peresenti ndipo mayi 40 peresenti: pa K5,000,000 ndiye kuti akazi anu adzatenga K3,000,000 ndipo mayi K2,000,000. Musalembe ndalamazo m'makwacha, pakuti ndalama yodzatuluka ikhoza kusiyana ndi imene ili pa chikalata lero, kukwera chifukwa cha mabonasi kapena kutsika ngati pali ngongole yoti ichotsedwe, pamene maperesenti amagawa bwinobwino ndalama iliyonse imene yapezeka. Muganizirenso, ngakhale ndi nkhani yosakoma kuilemba, za chimene chidzachitike ngati mayi atatsogola inu mudakali moyo, ndipo chiganizo chimodzi chonena kumene gawo lawo lidzapite ndi chokwanira.

Maina alembedwe monga momwe alili pa chiphaso cha unzika, osati monga timaitanirana kumudzi. Kwathu kuno mayi akhoza kudziwika ndi mudzi wonse ndi dzina la mfunda kapena la mwana wawo woyamba, koma kampani idzapereka ndalama kwa munthu amene dzina lake, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso zikugwirizana ndi zimene munalemba. Chimodzimodzinso akazi anu: ngati chiphaso chawo chidakali ndi dzina la bambo awo, lembani lomwelo ngakhale kutchalitchi ayamba kale kuwatchula ndi dzina lanu.

Kalatayo ikhoza kuoneka motere, ndipo ngati mukufuna kuilemba m'Chingerezi monga ambiri amachitira ku maofesi, mfundo zake ndi zomwezi. Pamwamba muike keyala yanu, nambala ya foni ndi tsiku, kenako keyala ya kampani, kupita kwa mkulu woona za inshulansi ya moyo.

"Wokondedwa Bwana,

PEMPHO LOSINTHA ODZALANDIRA NDALAMA ZA INSHULANSI YA MOYO, NAMBALA ………

Ine ………, mwini wa inshulansi imene nambala yake ili pamwambayi, ndikufafaniza maina onse amene ndinapereka kale, ndipo m'malo mwake ndikusankha anthu awa kuti adzalandire ndalama ine ndikadzamwalira: ………, mkazi wanga, wobadwa pa ………, chiphaso nambala ………, alandire 60 peresenti, ………, mayi anga, obadwa pa ………, chiphaso nambala ………, alandire 40 peresenti. Ngati mmodzi mwa awiriwa adzamwalire ine ndisanamwalire, gawo lake lipite kwa wotsalayo. Ndaphatikiza mafotokope a chiphaso changa, ziphaso za anthu awiriwa ndi setifiketi ya ukwati wathu. Ndikupempha kuti mundiyankhe polemba kalata yotsimikiza kuti kusinthaku kwalowa m'mabuku anu.

Ine wanu, ………"

Onani kuti mayi alembedwanso mwatsopano ngakhale analimo kale. Ndachita dala zimenezi, chifukwa mukangolemba kuti "onjezerani mkazi wanga", wolandira kalatayo sangadziwe ngati mayi akutsala ndi theka kapena ndi gawo lina, ndipo adzakubwezerani kalatayo. Siginecha yanu ifanane ndi imene munasaina polembetsa, ndipo ngati kasainidwe kanu kanasintha, ndi bwino kukasaina ku ofesi komweko mutanyamula chiphaso. Ngati afuna mboni, sankhani munthu wamkulu amene sakupindula nawo ndalamazi, osati akazi anu kapena mayi. Akafuna kuti mafotokope akhale otsimikizidwa, amene amadinda ndi monga majisitireti kapena loya, ndipo muyenera kupita ndi zikalata zenizenizo kuti azione.

Kaperekedwe kake nakonso musakapeputse. Msuweni wanga wina wa ku Luchenza anapereka kalata yotereyi kwa ejenti amene anamulembetsa, atakumana naye pa depoti, ndipo patapita chaka anadzazindikira kuti ejentiyo anasiya ntchito kalata ili m'chikwama. Inu sindikizani makope awiri, mupite nawo nokha ku ofesi, ndipo pa kope yanu akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku limene alandira. Ulendo wa minibasi wopita ku Limbe ndi Blantyre ndi wotchipa poyerekeza ndi mkangano wa pakati pa mpongozi ndi apongozi ake. Chidindocho chimangosonyeza kuti alandira, ndipo ntchito imatha pokhapokha mwalandira kalata yawo yotchula maina atsopano ndi magawo awo. Muiwerenge chilembo ndi chilembo, muisunge pamodzi ndi chikalata cha inshulansi, ndipo akazi anu ndi mayi adziwe kumene ili.

Popeza mwati mumagwira ntchito pa esiteti, dziwaninso kuti penshoni yanu ndi inshulansi ya moyo imene abwana amalipirira antchito awo ndi zinthu zosiyana ndi inshulansi yanuyi, ndipo kalatayi siizikhudza. Zimenezo zili ndi fomu yake yosankhira odzalandira, imene mukaitenge ku ofesi yoona za antchito, ndipo n'kutheka kuti nakonso kuli dzina la mayi okha kuyambira tsiku limene munalembedwa ntchito. Mwana akadzabadwa mudzalembanso kalata ina, ndipo pamenepo mudzafunse kampani za kutchula munthu wamkulu wodzasunga gawo lake kufikira atakwanitsa zaka 18.